Kulemba ndi Chala Chimodzi pa Foni Yaikulu: Kiyibodi ya Dzanja Limodzi ndi Kiyibodi Yoyandama

Mukagwira foni yaikulu ndi dzanja lamanja, lamanzere litanyamula chikwama, pali chilembo chimodzi chimene chimayamba kukuvutani zina zonse zisanavute. Chilembocho ndi a. Chimakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere wapakati, kumanzere, kutali ndi chala chanu chamanthu. Ndiye taganizani kuti m'Chichewa mawu angati amene angadutse opanda a. Mu "ndafika" alimo awiri, mu "mwadzuka bwanji" alimo atatu, mu "tikambirana" alimonso atatu. Nthawi iliyonse chala chikamapita kukagunda a, zala zinayi zimene zagwira foni kumbuyo zimamasuka pang'ono kuti chikhatho chisendere, ndipo foni imapendekeka. Pa kamphindi kameneka foni ikhoza kugwa ngati munthu akulemba akuyenda.

Opanga makiyibodi a pa foni anabweretsa njira ziwiri zochepetsera vutoli. Ina ndi kiyibodi ya dzanja limodzi, imene imachepa n'kukankhidwira mbali imodzi. Ina ndi kiyibodi yoyandama, imene imachoka pansi pa sikirini n'kukhala ngati kakhadi koti mungakakokere kulikonse. Anthu ambiri amaziona ngati chinthu chimodzi chifukwa zonse ziwiri zimachepetsa kiyibodi. Koma sizikonza vuto lofanana, ndipo munthu akasankha yolakwika amangoti zinthuzi n'zopanda ntchito.

Tiyambe ndi kukula kwa foni. Foni yoyamba ya iPhone, ya mu 2007, inali ndi sikirini ya mainchesi 3.5, ndipo m'lifupi inali pafupifupi mamilimita 61. Chala chamanthu cha munthu wamkulu chinkafika pangodya iliyonse popanda kusuntha dzanja. iPhone 15 Pro Max, ya mu 2023, ili ndi sikirini ya mainchesi 6.7, m'lifupi ndi mamilimita 76.7, ndipo imalemera magalamu 221. Galaxy S24 Ultra ili ndi mainchesi 6.8, m'lifupi mamilimita 79, kulemera magalamu 232. Mafoni otchipa nawo anakula chimodzimodzi, ambiri ali pakati pa mainchesi 6.5 ndi 6.8. Mukaivekanso chikhokho choiteteza, mwawonjezera mamilimita angapo mbali zonse. Chala cha munthu chokha ndicho sichinakule.

Tiyeni tiwerengere foni imodzi bwinobwino. Sikirini ya mainchesi 6.7 yooneka ngati ya mafoni ambiri a masiku ano, yaitali ndi yopapatiza, imakhala pafupifupi mamilimita 70 m'lifupi ndi 155 m'litali. Mzere wapamwamba wa kiyibodi uli ndi zilembo khumi, kuyambira q mpaka p, choncho batani lililonse limatenga mamilimita 7. Mzere wapakati uli ndi zilembo zisanu ndi zinayi ndipo umayambira mkati pang'ono, motero pakati pa batani la a pamakhala mamilimita 7 kuchokera m'mphepete mwa kumanzere. Kuchokera m'mphepete mwa kumanja, komwe kuli dzanja lanu, ndi mamilimita 63. Pamenepo sitinawerengere kamphepete ka foni ndi chikhokho chija, komanso kuti chala sichiyenda molunjika ngati rula. Chimazungulira kuchokera patsinde pake ngati chopukutira galasi la galimoto.

Tsopano tinene kuti kiyibodi ya dzanja limodzi yachepetsa m'lifupi kufika pa magawo anayi mwa asanu. Mlingo weniweni umasiyana malinga ndi pulogalamu, koma umenewu ndi wabwino kuonerapo. Kiyibodi yonse yakhala mamilimita 56, ndipo a wabwera pa mamilimita 50 kuchokera kumanja. Mwapindula mamilimita 13, omwe pa rula amaoneka ochepa koma pa chala ndi kusiyana kwa kufika ndi kusafika. Mtengo wake ndi wakuti batani lililonse latsika kuchoka pa mamilimita 7 kufika pa 5.6. Malangizo a Google kwa opanga mapulogalamu amati chinthu choti munthu akhudze ndi chala chizikhala pafupifupi mamilimita 9 mbali iliyonse. Ndiye kuti ngakhale kiyibodi yathunthu mabatani ake ndi opapatiza kale kuposa mlingo umenewo, ndipo ya dzanja limodzi imawapanikizanso. Nkhani yonse yagona pa kusinthanitsa kumeneku: mukufupikitsa mtunda, koma mukuchepetsa chandamale.

Mwina mudabwa kuti nanga zimatheka bwanji kulemba pa mabatani ang'ono kuposa nsonga ya chala. Zimatheka chifukwa kiyibodi sitenga malo amene mwagunda monga momwe alili. Imaona pamene chala chatera, n'kuyerekeza ndi mawu amene ili nawo mu dikishonale yake, kenako n'kulingalira chimene mumafuna. Mukagunda pakati pa zilembo ziwiri, imasankha chimene chikupanga mawu odziwika. Mabatani akachepa, kulingalira kumeneku kumagwira ntchito yaikulu kuposa kale. Apa ndi pamene olemba Chichewa ambiri amapwetekera. Ngati kiyibodi yanu ili pa Chingerezi chokha, ndiye kuti ikulingalira m'Chingerezi pamene inu mukulemba Chichewa, ndipo chala chikaphonya pang'ono imakukankhirani ku mawu achingerezi amene simunawaganizire. Pa kiyibodi yathunthu, mutakhala pansi, zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo. Pa yopanikizika, mukuyenda, zimachitika pafupifupi m'chiganizo chilichonse. Choncho musanaweruze kiyibodi ya dzanja limodzi, yang'anani kaye m'gawo la zilankhulo ngati chilankhulo chimene mumalemba chilimo, n'kuchiyika. Ngati mulibe, ndi bwino kuzimitsa kukonza mawu kodzichitikira n'kusiya mzere wa mawu ongoperekedwa pamwamba, kuti muzisankha nokha. Mawu amene mumalemba kawirikawiri kiyibodi imawaphunzira pakapita masiku.

Kuyatsa kwake n'kosavuta, ngakhale kuti malo a mabatani amasinthasintha pulogalamu ikakonzedwanso. Pa Gboard, kiyibodi ya Google imene imabwera kale m'mafoni ambiri a Android, pamwamba pa zilembo pali mzere wa zizindikiro. Dinani chizindikiro cha timabokosi tinayi, kapena timadontho titatu pa mafoni akale, ndipo mupeza `One-handed` ndi `Floating`. Pali njira yachidule imene ndimaikonda chifukwa siifuna kukweza chala m'mwamba: gwirani batani la chizindikiro cha koma kwa kanthawi, kenako tsetserekerani ku kachithunzi ka dzanja logwira foni. Kiyibodi ikachepa, kumbali komwe kwatsala malo kumabwera zizindikiro zitatu. Chimodzi chimaibwezera pa kukula kwake, china chimaisamutsira mbali inayo, ndipo chachitatu chimakulolani kuisuntha ndi kusintha kukula kwake. Kiyibodi ya Google inalandira njira ya dzanja limodzi mu 2016, ndipo yoyandama inabwera mu 2018.

Pa mafoni a Samsung, pitani ku `Settings`, kenako `General management`, kenako `Samsung Keyboard settings`, n'kusankha `Mode`. Pamenepo mumasankha kiyibodi wamba, ya dzanja limodzi kapena yoyandama, ndipo ubwino wake mumasankha padera za foni ikaimirira ndi za foni ikagona chopingasa. Microsoft SwiftKey nayo ili ndi zonse ziwiri, pa `Modes`. Pa iPhone, kuyambira pa iOS 11 ya mu 2017, mumagwira kwa kanthawi batani la dziko lapansi kapena la tinkhope tomwetulira, n'kusankha kachithunzi ka kiyibodi ya kumanzere kapena ya kumanja. Mungathenso kudutsa ku `Settings`, `General`, `Keyboard`, `One-Handed Keyboard`. Ya iPhone ili ndi malire ake: imagwira ntchito foni ikaimirira basi, ndipo simungaikulitse kapena kuikweza. Kiyibodi ya Apple pa iPhone siyandama. Imayandama pa iPad, kuyambira pa iPadOS 13 ya mu 2019, mukaitsina ndi zala ziwiri ngati mukuchepetsa chithunzi.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti kufika kumanzere ndi theka chabe la vutolo. Theka linalo ndi kutsika kwa kiyibodi. Kiyibodi imakhala pansi penipeni pa sikirini, pomwe pakati pa kulemera kwa foni pali chapakati pa thupi lake. Kuti chala chamanthu chifike pa mzere wa pansi, pamene pali batani la mpata, dzanja lonse limatsika, kachala kakang'ono n'kulowa kunsi kwa foni ngati shelefu. Zikatero gawo lalikulu la foni limakhala likulendewera pamwamba pa zala, popanda choligwira. Mutakhala pampando zimenezi sizivuta. Mukuyenda, phazi lililonse likatera pansi foni imagwedera, ndipo mutu wake wolemerawo umafuna kugwera kutsogolo. Munthu amaipana mwamphamvu kuti isagwe, ndipo dzanja lopana mwamphamvu chala chake chamanthu sichiyenda momasuka.

Palinso ngodya ya pansi kumanja, pomwe pali batani lofufutira ndi lolowetsera mzere watsopano. Ngodyayi ili pafupi ndi dzanja, koma pafupi mopitirira muyezo. Kuti chala chifikepo chimayenera kupindika n'kubwerera kutsinde kwake, ndipo ndi pamene anthu amamva kupweteka patsinde pa chala akalemba nthawi yaitali. Kiyibodi ya dzanja limodzi ikangokankhidwira kumanja popanda kukwezedwa, vuto la ngodyayi silichoka. Ndiye ngati kiyibodi yanu imalola kuisuntha, chizindikiro chachitatu chija ndicho chofunika kuposa zonse.

Ndifotokoze mmene ndinachitira ndekha, pa foni ya mainchesi 6.7 yokhala ndi Gboard, dzanja lamanzere litanyamula thumba. Choyamba sindinatsegule kiyibodi ayi. Ndinagwira foni mmene ndimaigwirira ndikamayenda osalemba, zala zinayi kumbuyo chapakati, pogwira poti ngakhale wina atandigunda phewa singagwe. Kenako ndinayendetsa chala chamanthu pa sikirini kuchokera kumanzere kupita kumanja osasuntha chikhatho, n'kuona uta umene chikujambula. Uta wanga unathera chapafupi ndi pamene pamakhala d pa kiyibodi yathunthu, kutanthauza kuti s, a, q, w, z ndi batani la zilembo zazikulu zonse zinali kunja. Unalinso pamwamba kuposa pamene mizere iwiri ya pansi imakhala. Ndinazindikira kuti nthawi yonseyi ndinkasintha kagwiridwe kuti ndigwirizane ndi kiyibodi, m'malo mosuntha kiyibodi kuti ibwere pamene chala chili.

Ndiye ndinayatsa ya dzanja limodzi, n'kudina chizindikiro chosunthira. Ndinakweza kiyibodi pafupifupi sentimita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndipo sindinaigunditse kumphepete kwa kumanja. Ndinasiya kampata kakang'ono kuti p, l ndi batani lofufutira zisalowe kunsi kwa chikhatho. M'lifupi ndinaichepetsa mpaka pamene nsonga ya chala inafika pa a popanda chikhatho kusuntha, n'kulekera pomwepo, chifukwa milimita iliyonse yochepetsa mopitirira apo ndi kungotaya kukula kwa mabatani pachabe. M'litali sindinachepetse. Mabatani opapatiza koma aatali amagundika bwino kuposa opapatiza ndi aafupi, makamaka poti kugwedera kwa poyenda kumaponya chala m'mwamba ndi pansi.

Poyesa ndinalemba chiganizo chimodzi kangapo ndikuyenda m'khonde: "Ndafika, ndikudikira panja pang'ono." Chiganizochi n'chabwino poyesera chifukwa chili ndi a ambiri kumanzere, p kumanja kwenikweni, chilembo chachikulu, chizindikiro cha koma, ndi kachizindikiro ka mu "ng'" kamene pa kiyibodi zambiri sikali pa tsamba loyamba. Chilembo chachikulu choyamba chimabwera chokha, choncho batani lakutali lija silifunika. Kachizindikiro ka "ng'" pa Gboard mumakapeza mukagwira batani la mpumiro kwa kanthawi n'kutsetsereka osachotsa chala, ndipo batani limenelo lili kumanja, pafupi. Mpumiro wa kumapeto umabwera mukagunda mpata kawiri. Ulendo woyamba ndinalemba "ndsfika" ndi "psnja". Ulendo wachiwiri, nditachepetsanso m'lifupi pang'ono, a anayamba kutuluka bwino.

Zolakwika zimenezi zimaphunzitsa ngati munthu aziwerenga m'malo mongozifufuta. Mukaona s pamalo pa a, kapena e pamalo pa w, nthawi zonse kuphonyera mbali imodzi, ndiye kuti chala chikuperewera, ndipo kiyibodi ikufunika kuchepa kapena kusendera kwa inu. Mukaona kuti mukuphonyera mbali zonse, pena n pamalo pa m, pena m pamalo pa n, pena i pamalo pa o, ndiye kuti mwachepetsa mopitirira, mabatani aperewera chala chanu. Mukaona zilembo zikufufutika zokha, kapena mzere watsopano ukuyamba musanafune, kapena p ndi l akulowerera pakati pa mawu, wolakwa si chala koma mnofu wa patsinde pake, umene ukukhudza sikirini pamene chala chikutambasukira kumanzere. Mankhwala ake ndi kusiya kampata kaja kumanja. Ndipo mukaona b kapena n pamalo pamene pamayenera kukhala mpata, mawu awiri ataphatikana, kawirikawiri ndiye kuti mzere wa pansi watsika kwambiri moti chala chikutera pamwamba pake. Kwezani kiyibodi.

Wogwira ndi dzanja lamanzere nkhani yake imatembenuka, koma osati ndendende. Iye a, e, w, s ndi z ali nazo pafupi, zomwe m'Chichewa ndi mwayi. Zakutali kwa iye ndi i, o, k, l, m, n, ndiponso batani lofufutira, lomwe munthu woyenda amaligwiritsa ntchito kwambiri. Pamwamba pa zimenezi pali batani lotumizira uthenga. Limeneli si la kiyibodi, ndi la pulogalamu yochezerayo, ndipo pafupifupi nthawi zonse limakhala kumanja. Kiyibodi ikasamukira kumanzere, ilo limatsala komweko. Munthu amalemba uthenga wonse bwinobwino, kenako n'kutambasula chala kudutsa sikirini yonse kuti autumize, ndiye vuto lomwe ankathawa lija lamupeza pamapeto. Pa WhatsApp ya Android pali njira yozembera: ku `Settings`, `Chats`, yatsani `Enter is send`, ndipo batani lolowetsera mzere la pa kiyibodi limakhala lotumizira. Kuipa kwake, mukaligunda mwangozi uthenga umapita usanathe.

Tsopano za yoyandama. Poiona koyamba imaoneka ngati ndiyo yankho la zonse, poti mumaikokera pamene mukufuna pogwira kachogwirira ka pansi pake, ndipo mumasintha kukula kwake pokoka ngodya. Mukhoza kuiyika chapakati pa sikirini kumanja, pamene uta wa chala umadutsa, dzanja litagwira foni pakati pa kulemera kwake. Pa kagwiridwe kokha, palibe yoiposa.

Koma pali kusiyana kwina kumene sikuoneka mpaka mutayamba kulemba. Kiyibodi wamba, ngakhalenso ya dzanja limodzi, ikatseguka imauza pulogalamu kuti malo a pansi atengedwa, ndipo pulogalamu imadzikweza. N'chifukwa chake bokosi lolemberamo uthenga limakhala pamwamba penipeni pa zilembo, ndipo uthenga womaliza wa mnzanu umaonekabe. Yoyandama siuza pulogalamu chilichonse chotere. Imangokhala pamwamba pa zonse ngati pepala loyikidwa pa buku lotsegula. Bokosi lolemberamo limatsala pansi penipeni pa sikirini, batani lotumizira lilinso komweko, ndipo kiyibodi imaphimba mauthenga amene mukuyankha. Maso amakhala akudumpha: zilembo zili pakati, zimene mukulemba zikutuluka pansi, funso la mnzanu labisika kuseri. Mukaitsitsa kuti muone funsolo, iphimba bokosi lolemberamo. Munthu wokhala pansi amangoikoka uku ndi uku. Munthu woyenda, wa dzanja limodzi, kukoka kulikonse ndi ntchito ina yowonjezera, ndipo maso ake afunikanso kuona njira.

Chifukwa chake ine ndimati yoyandama si ya poyenda kwenikweni. Ntchito yake ndi kukuonetsani zimene kiyibodi wamba ikadabisa. Imathandiza kwambiri foni ikagona chopingasa, pamene kiyibodi yathunthu imadya kuposa theka la sikirini n'kutambasula zilembo motalikirana moti chala chimodzi sichingazifike. Imathandiza mukamadzaza fomu yaitali imene mabokosi ake ena amathawira kuseri kwa kiyibodi, kapena mukamakopera nambala yochokera pa chithunzi chimene chili pa theka lina la sikirini. Imathandiza pa foni yopindika ikatambasulidwa ndi pa tabuleti, pamene kiyibodi yathunthu ndi yaikulu mopanda nzeru kwa munthu amene wagwira chipangizo ndi dzanja lina. Palinso nthawi imodzi imene imapambana ngakhale mukuyenda: pamene bokosi lolemberamo lili pamwamba pa sikirini, monga posaka dzina la malo pa mapu. Pamenepo sikuphimba chilichonse chofunika, ndipo mbali ina ya mapu imaonekabe.

Anthu ambiri amakumana ndi yoyandama asanaifune. Chala chimagunda chizindikiro chake mwangozi, kiyibodi n'kusanduka kakhadi kakang'ono pakati pa sikirini, ndipo pa Gboard ikakhala osakhudzidwa kwa kanthawi imazimiririka n'kumaonekera za kuseri kwake. Ndinaonapo munthu atazimitsa foni n'kuyatsanso kawiri konse, akukhulupirira kuti yawonongeka. Kuzimitsa sikuthandiza chifukwa kiyibodi imakumbukira mmene munaisiyira. Choyenera ndi kugwira kachogwirira ka pansi pake, kuikokera pansi penipeni pa sikirini n'kuisiya, ndipo imabwerera m'malo mwake. Kudinanso `Floating` pa mzere wa zizindikiro kumachita chimodzimodzi. Pa iPad mumaitambasula ndi zala ziwiri kapena kuikokera pansi.

Pali chinthu china cha dzina lofanana chimene chimasokoneza. Foni yokha, osati kiyibodi, nayo ili ndi njira ya dzanja limodzi. Pa Android 12, ya mu 2021, ndi zotsatira zake, njirayi imatsitsa sikirini yonse kuti zapamwamba zifike pafupi ndi chala. Pa iPhone imatchedwa `Reachability` ndipo inayamba ndi iPhone 6 mu 2014. Zimenezi zimathandiza kufika pa dzina la munthu kapena batani lobwerera limene lili pamwamba, koma sizisuntha a ngakhale milimita imodzi. Ya Samsung, imene ili ku `Advanced features`, ndi yosiyana: imachepetsa sikirini yonse n'kuikankhira pangodya, kiyibodi ndi batani lotumizira zonse pamodzi. Kwa wamanzere uja zimenezi zimathetsa vuto la batani lotumizira. Koma musayatse ziwiri nthawi imodzi, ya foni ndi ya kiyibodi, chifukwa mabatani amachepa kawiri n'kufika poti chala chimaphimba atatu.

Kiyibodi yochepa imagwirizana bwino ndi kulemba motsetsereka, pamene chala chimajambula mzere kudutsa zilembo za liwu osanyamuka. Pa Gboard amati `Glide typing`, pa iPhone amati `Slide to Type`, ndipo kumeneko kunabwera ndi iOS 13. Poyenda n'kwabwino pa zifukwa ziwiri. Chala chimene sichikunyamuka chimathandiza kupana foni, ndipo kugwedera sikuchiponya kutali ngati chala chimene chili m'mwamba. Komanso pa kiyibodi yochepa mzere wojambulawo umafupika. Malire ake ndi dikishonale ija, ndipo apa ndi okhwima kwambiri, chifukwa kutsetsereka kumangotulutsa mawu amene kiyibodi ikuwadziwa. Chichewa chimamanga mawu aatali pophatikiza tizidutswa. "Sindinakuuzeni" ndi liwu limodzi, ndipo "sitidzakuuzaninso" ndi lina, ndipo palibe dikishonale ya pa foni imene ingasunge maonekedwe onse a mneni aliyense. Zotsatira zake, mawu afupiafupi obwerezedwa tsiku ndi tsiku monga "zikomo", "chabwino" ndi "mawa" amatsetsereka bwino, koma aneni aatali amafuna kugunda chilembo chimodzichimodzi. Ine ndimasakaniza, ndipo kiyibodi imalola kutero m'chiganizo chimodzi.

Kukonza cholakwa ndiko kumadya nthawi yambiri kwa wolemba ndi chala chimodzi, makamaka kuyesa kugunda pakati pa zilembo ziwiri m'bokosi lolemberamo foni ikugwedera. Palibe chifukwa chokwezera chala mpaka kumeneko. Pa Gboard tsetserekani pa batani la mpata kupita kumanzere kapena kumanja, ndipo kamzere kothwanima kamayenda chilembo chimodzichimodzi. Pa iPhone gwirani batani la mpata kwa kanthawi mpaka zilembo zizimiririke, ndipo kiyibodi yonse imakhala malo oyendetsera kamzereko. Pa Gboard mukatsetsereka kuchokera pa batani lofufutira kupita kumanzere, mawu athunthu amasankhidwa limodzi ndi limodzi n'kufufutika mukachotsa chala. Poyenda samalani nayo imeneyi, chifukwa phazi likapunthwa chala chimapitirira n'kutenga chiganizo chonse.

Pali malo amene kiyibodi yochepa siyenera kudaliridwa ngakhale mutaikonza bwino chotani: mawu achinsinsi, manambala a akaunti, ndi ma adiresi a pa intaneti. M'mabokosi a mawu achinsinsi kiyibodi imazimitsa dala kukonza ndi kupereka mawu, ndipo manambala alibe dikishonale yowalondolera. Thandizo lonse lija limene limabisa kuchepa kwa mabatani limachoka, mumatsala ndi mamilimita 5.6 enieni ndi chala chogwedera, komanso zimene mwalemba zimasanduka timadontho musanazione. Pamenepo imani kaye, bwezerani kiyibodi pa kukula kwake ndi chizindikiro choyamba chija, ndipo mukamaliza gwiraninso batani la koma kwa kanthawi kuti ibwerere mbali yanu. Chimodzimodzinso pa masitepe ndi powoloka msewu, poti kiyibodi imangofupikitsa ulendo wa chala, maso amakhalabe pa sikirini.

Chomaliza chimene ndinachipeza pambuyo pa masiku angapo n'chakuti kiyibodi imasunga kukula ndi malo amene mwaikira, koma dzanja limasintha. Tsiku limene thumba lili kumanja, foni imapita kumanzere, ndipo kudina kamuvi kosamutsira mbali kumafuna chala chifike kumene kiyibodi yasiya malo, komwe pa nthawiyo ndi mbali ya dzanja latsopanolo, pafupi penipeni. Pamenepo opanga anaganiza bwino. Koma kukwera kwa kiyibodi kumene kumayenera dzanja langa lamanja kunali kochuluka kwa lamanzere, lomwe limagwira foni chapansi pang'ono, moti ndinatsitsa ndi theka la sentimita kuti manja onse awiri azifika pa batani la mpata.